Phindu la chiwaya limayamba pa mbale ya chingati?

Aliyense wodutsa pa Mponela kapena pa Madisi madzulo amaona utsi wa ziwaya m'mbali mwa msewu wa M1, anthu atazungulira chipisi. Ndalama zimaoneka kuti zikulowa. Koma mwezi ukatha, ena mwa eni ziwayazi amathamangira ku banki mkhonde kukakongola ya lendi, uku akudandaula kuti ndalama sizikuoneka. Nthawi zambiri vuto silikhala kusowa kwa makasitomala. Amakhala sakudziwa kuti ayenera kugulitsa mbale zingati asanayambe kudya phindu.

Nambala imeneyi tiitchule kuti poyambira phindu, ndipo kuipeza sikulira sukulu. Mitengo ili m'munsiyi ndi yongoyerekeza. Inu muikepo ya pamsika panu.

Yambani ndi ndalama zomwe mumalipira kaya mwagulitsa kaya ayi. Tinene kuti lendi ya shedi ndi K50,000 pamwezi, mnyamata wosenda mbatatesi amalandira K90,000, ndipo chiphaso cha msika ndi ya mlonda zikukwana K10,000. Zonse pamodzi ndi K150,000. Mvula ikagwa tsiku lonse osabwera ndi munthu mmodzi yemwe, ndalamayi ikukudikirani basi.

Kenako onani zomwe mbale imodzi imadya. Ngati ndowa ya mbatatesi ya ku Ntchisi mwagula K20,000 ndipo yatulutsa mbale 25, ndiye kuti mbale iliyonse yatenga K800. Onjezani mafuta a K400, komanso nkhuni, kabichi, tomato, mchere ndi jumbo za K300. Mbale yakudyerani K1,500. Mukaigulitsa K2,000, yotsala ndi K500.

Ambiri amasochera pamenepa, chifukwa K500 ija amaitcha phindu n'kuiponya m'thumba. Siinakhale phindu. Ntchito yake yoyamba n'kulipira lendi ndi zinzake zija. Gawani K150,000 ndi K500, mupeza mbale 300. Ngati mumatsegula masiku 25 pamwezi, ndiye mbale 12 patsiku. Mbale 12 zoyambirira mukugwirira mwini shedi, mnyamata ndi khonsolo, zanu zikuyamba pa ya nambala 13. Izi zikutanthauza kuti munthu atha kugwira K600,000 m'manja pamwezi koma osatsala ndi tambala.

Chomwe ndimaona kuti amalonda sachiganizira mokwanira ndi momwe nambalayi imalumphira. Mbatatesi ikasowa, ndowa n'kufika K25,000, mbale ikudya K1,700 ndipo yotsala yatsika kufika K300. K200 imaoneka yochepa, koma tsopano mukufunika mbale 500 pamwezi, kapena kuti 20 patsiku. Ogulitsa zokazinga sanaiwale momwe katundu anakwerera ndalama ya kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Amene anasiya mtengo wa mbale pomwepo poopa kuthawitsa anthu ankatopa chimodzimodzi, koma akugwirira lendi yokha.

Vuto lomweli limabweranso mtengo wa mbatatesi usanasinthe n'komwe. Ndowa ija ya K20,000 ikatulutsa mbale 20 m'malo mwa 25, mbatatesi ya mbale imodzi yafika K1,000, ndipo mwabwereranso pa mbale 500. Mbale zisanuzo zimapita kuti? Zina ndi mbatatesi yowola ya pansi pa ndowa, zina ndi mpeni wosenda mozama, zina ndi basela, zina ndi achibale odzalawa. N'chifukwa chake musawerengere mbale zomwe ndowa imayenera kutulutsa. Kwa sabata imodzi, lembani m'kope ndowa zomwe mwagula ndi mbale zomwe zalipiridwa. Ya ngongole musaiwerenge mpaka ndalama italowa.

Nanga kukweza mtengo? Tibwerere pomwe mbale ikudya K1,700 ndipo mukugulitsa 500 pamwezi, osapindula osaluza. Mukakweza kufika K2,200, yotsala yabwerera pa K500. Ngakhale mbale zitatsika kufika 400 chifukwa ena akwiya, mupeza K200,000, kuchotsa K150,000 mutsala ndi K50,000. Koma yang'anani kaye chiwaya choyandikana nacho. Ngati mnzanu akadali pa K2,000, othawa akhoza kuposa pamenepo, ndipo mukatsika pansi pa mbale 300 mwayamba kudya mpamba.

Mwazindikira kuti m'masamu onsewa mwini geni sanalandirepo kanthu. Ngati mukufuna kumatenga K75,000 pamwezi ya pakhomo, iphatikizeni ku K150,000 ija. Pa K500 yotsala pa mbale, mukufunika mbale 450, kapena 18 patsiku. Ngongole yomwe mukubweza mwezi ndi mwezi ilowenso pomwepo.

Kuno ku Dowa ndi Ntchisi ndalama zimayenda ndi nyengo. Alimi akamagulitsa fodya, soya ndi mtedza, mbale 18 zitha kutha dzuwa lisanapendeke. Januwale ndi Febuluwale ndi nkhani ina, pomwe lendi ndi yomweyo. Choncho amene akufuna kuchita lendi shedi pa Malomo kapena pa boma la Ntchisi asawerenge makasitomala a mu Juni. Afunse ogulitsa anzake kuti mu Febuluwale amatha ndowa zingati patsiku, achulukitse ndi mbale za m'ndowa imodzi, aone ngati zikupyola 12, asanapereke ya miyezi itatu yomwe eni nyumba ambiri amafuna poyamba.