Chiganizo chimodzi, mizere inayi, cholakwika chimodzi

Pa mayeso a Chingerezi otchedwa TOEFL ITP, wophunzira amapatsidwa mphindi 25 kuti ayankhe mafunso 40 a galamala. Mafunso 15 oyambirira ndi odzaza mpata m'chiganizo. Otsalawo, 25, ndi a mtundu wina: chiganizo chalembedwa chathunthu, mawu anayi adulidwa mzere kunsi ndi kupatsidwa zilembo A, B, C ndi D, ndipo wophunzira aloze pamene palakwika. Safunsidwa kuti akonze, angoloza basi. Mukagawa nthawiyo, funso lililonse limatenga masekondi osakwana 38.

Mayesowa amakonzedwa ndi bungwe la ETS la ku Amereka, ndipo mayunivesite ambiri, makamaka a ku Asiya, amawagwiritsa ntchito poona ngati munthu angathe maphunziro ophunzitsidwa m'Chingerezi. Ku Thailandi, yunivesite ya Chulalongkorn ili ndi mayeso akeake, CU-TEP, omwe alinso ndi gawo lofufuza zolakwika. Mayeso a SAT olowera ku yunivesite ku Amereka anali ndi mafunso otere kuyambira 2005 mpaka 2016, koma iwo anali ndi yankho lachisanu lakuti palibe cholakwika.

Chimene chimagwetsa anthu ambiri pa mafunsowa ndi kudalira khutu. Munthu amawerenga chiganizo chamumtima, n'kumamvetsera ngati pali pamene pakumveka mokhota. Vuto n'lakuti khutu linazolowera Chingerezi cholankhula, cha mu ofesi ndi pa wailesi, pamene mayesowa amayesa Chingerezi cholemba, cha m'mabuku a sayansi ndi mbiri yakale. Zambiri zimene zimadutsa bwinobwino pocheza, papepala la mayeso zimawerengedwa kuti n'zolakwika. Ndipo olemba mafunso amadziwa bwino pamene khutu limagona.

Taonani chiganizo ichi, chomwe ndachipanga motsata kapangidwe ka mafunsowa: "The results of the experiment, which was repeated in three laboratories, suggests that the drug works slowly but safely." Mawu odulidwa mzere ndi "which", "was repeated", "suggests" ndi "slowly".

Wothamanga amagwera pa "was repeated". Waona kuti chiganizo chayamba ndi dzina lochulukitsa, "results", ndiye akuganiza kuti panafunika "were". Koma dzifunseni kuti chinabwerezedwa m'malo atatu n'chiyani. Si zotsatira ayi, ndi kuyesako, ndipo kuyesako n'kumodzi. Choncho nthambi imene ili pakati pa mipatuliro iwiri ili bwino. Tsopano iphimbeni ndi chala nthambi yonseyo, muphimbenso kapandamneni "of the experiment". Chotsala ndi fupa la chiganizo: "The results suggests". Apa ngakhale mwana wa Fomu 1 aona kuti mwininkhani ndi wochulukitsa pomwe mneni ndi wa chinthu chimodzi. Yankho ndi C, ndipo mawu oyenera ndi "suggest".

Cholakwikacho si chovuta m'pang'ono pomwe. Chavuta ndi mtunda. Wolemba funso waika mawu asanu ndi anayi pakati pa mwininkhani ndi mneni wake, kuti pofika pa mneniyo mukhale mutaiwala amene mukumukamba. Ndiye ntchito yoyamba pa funso lililonse ikhale imeneyi: pezani mneni wamkulu, pezani mwini wake, zinazo muziike kaye pambali. Ife olankhula Chichewa sitiyenera kuchita nazo mantha, chifukwa mgwirizano tinayamwira. Palibe anganene kuti "zipatso za mtengo umene unadzalidwa chaka chatha wapsa" ife osamuyang'ana modabwa. Kungoti m'Chingerezi chizindikiro cha mgwirizano n'chaching'ono kwambiri, kachilembo kamodzi kumapeto kwa mawu, ndipo polankhula ambiri timakameza.

Pali malo ena pamene Chichewa chathu chomwecho chimatitchera ndale. Pocheza timanena kuti "ngakhale mvula inachedwa, koma chimanga chinachita bwino," ndipo palibe amatsutsa. Tikasamutsira kamangidwe kameneka m'Chingerezi timapeza "Although the rains came late, but the harvest was good," chiganizo chomwe chimamveka m'misonkhano tsiku ndi tsiku. Chingerezi cholemba chimalola mlumikizi mmodzi yekha pa ntchito imeneyi. Mwina mufunsa kuti nanga wolakwika ndi uti, popeza kuchotsa aliyense mwa awiriwo kukonza chiganizo. Yankho lili m'lamulo la mayesowa: mawu amene sanadulidwe mzere atengeni kuti ndi olondola, ndipo sasintha. Ngati mzere uli pansi pa "but", wolakwa ndi yemweyo. Lamuloli limathandiza kwambiri, chifukwa mawu osadulidwa mzere ndiwo mboni zanu. Ndiwo amakuuzani nthawi ya mneni, kuchuluka kwa dzina, ndi amene mlowam'malo akuimira.

Mayina osawerengeka nawonso amakola ambiri. Zipangizo, mauthenga ndi malangizo timazichulukitsa mosavuta m'Chichewa, motero "equipments", "informations" ndi "advices" sizitiwawa m'khutu, chikhalirecho m'Chingerezi cha m'mabuku mawuwa salandira "s". Chimodzimodzinso "discuss about", pomwe mperekeziyo ndi wongowonjezera, komanso "less students" pamene zinthu zowerengeka zimafuna "fewer". Izi sizifuna nzeru zakuya. Zimafuna kakope kolembamo zimene mwalakwitsa poyeserera, n'kumakawerenga.

Msampha wotsiriza woyenera kuudziwa ndi wa mndandanda. Chiganizo chikatchula zinthu zitatu motsatizana, zonse zivale mofanana. Mu "collecting, sorting and to store samples" ziwiri zoyambirira zathera ndi "-ing", chachitatu chapatuka, ndipo chopatukacho ndiye yankho. Mukaona "and" kapena "or" pafupi ndi mawu odulidwa mzere, yang'anani kumanzere ndi kumanja muone ngati mbali ziwirizo zikufanana.

Kunena zoona, mafunso amtunduwu ali ndi malire ake. Kuloza cholakwika m'chiganizo cha wina si kulemba ndime yako. Munthu atha kukhoza mafunso onse 25 koma n'kulephera kulemba tsamba limodzi lomveka, makamaka pa TOEFL ITP pomwe amadziwiratu kuti cholakwika chilipo ndipo n'chimodzi. Pamene ETS inayambitsa TOEFL iBT mu 2005, gawo lofufuza zolakwika inalichotsa, n'kuyamba kuyesa galamala kudzera m'zimene wophunzira walemba ndi kulankhula yekha. IELTS nayonso ilibe gawo lotere. Ine ndimaona kuti anachita bwino. Komabe luso lophimba nthambi ndi kufufuza mwininkhani silinathe ntchito, chifukwa ndi lomwelo limene munthu amafuna powerenganso chimangirizo chake asanachipereke.

Ngati mukukonzekera mayeso, yambani mwafunsa yunivesite imene mukufuna kuti imalandira mayeso ati, popeza ambiri a ku Ulaya ndi ku Amereka salandira TOEFL ITP polowera. Ngati ndi omwewa, yesererani ndi wotchi patebulo, ndipo funso likakukanikani musakhalirepo. SAT yakale inkadula malikisi munthu akalakwitsa yankho, koma TOEFL ITP simadula, choncho musasiye funso ngakhale limodzi losayankha.