Makina Aona Chithunzi, Koma Sadziwa Chimene Chaikidwira

Munthu wosaona akatsegula webusaiti, pulogalamu yowerenga mokweza ndiyo imamuuza zomwe zili pa sikirini. Pa foni za Android pali TalkBack, pa iPhone pali VoiceOver, pomwe pa kompyuta ambiri amadalira NVDA, yomwe ndi yaulere. Pulogalamuyo ikafika pa chithunzi imawerenga mawu obisika amene mwini webusaiti analemba kuti aimire chithunzicho, otchedwa `alt`. Mawuwo akasowa, wowerenga amangomva kuti apa pali chithunzi, mwinanso dzina la failo ngati IMG_2041, lomwe silimuthandiza kanthu. Mawu omwewa ndi amenenso amaoneka netiweki ikavuta chithunzi n'kukanika kutseguka.

Malamulo a WCAG, omwe bungwe la W3C linakonza, amati chithunzi chilichonse chokhala ndi uthenga chikhale ndi mawu ochiimira. Koma kulembera zithunzi mazanamazana n'kotopetsa, n'chifukwa chake ambiri ayamba kupereka ntchitoyi kwa makina anzeru otchedwa AI. Facebook inayamba kufotokoza zithunzi mwa njirayi mu 2016, ndipo lero ngakhale Microsoft Word imatha kukulemberani chiganizo choyambirapo. Makinawa ndi achangu, koma amangoona zimene zili m'chithunzi, osadziwa chifukwa chimene munachiikira pamenepo.

Tiyerekeze kuti gulu la alimi lalemba nkhani yophunzitsa kuzindikira ntchemberezandonda. Pa chithunzi pali mlangizi atagwira tsamba la chimanga lobowokabowoka. Makina alemba kuti: "Chithunzi cha bambo wosangalala ataima m'munda wobiriwira wa nzimbe, dzuwa likuwala."

Choyamba, wofufuza aike chithunzi ndi chiganizo pafupi, afunse ngati liwu lililonse ndi loona. Apa mbewu yasokonezedwa, chifukwa masamba a chimanga chaching'ono, mapira ndi nzimbe amafanana. Liwu loti "wosangalala" nalo n'longopeka, pakuti za mumtima sizijambulika. Makina amalakwitsa kawirikawiri pa chiwerengero cha anthu kapena zinthu, pa zolembedwa pa zikwangwani, ndi pa zinthu za kwathu zimene sanazione kwambiri pophunzitsidwa. Choopsa n'chakuti bodza lake limatuluka losalala ngati choonadi, ndipo wosaona alibe njira yolitsutsira. Choncho dzina la munthu, msinkhu, mtundu kapena chilema zisalowe pokhapokha inuyo mukuzidziwa ndipo nkhaniyo ikuzifuna.

Chachiwiri, afunse kuti chithunzichi chikugwira ntchito yanji pa tsambali. Mlimi wosaona sakufuna kumva za dzuwa. Akufuna kudziwa mmene tsamba logwidwa ndi mbozi limakhalira, ndipo izi ndi zimene makina anazilumpha. Pokonza, mawu oti "chithunzi cha" achotsedwe, chifukwa pulogalamu yowerenga imanena kale kuti ichi ndi chithunzi. Zikatero timapeza izi:

```html
<img src="IMG_2041.jpg" alt="Tsamba la chimanga lobowokabowoka, pakati pa phesi pali ndowe za mbozi zooneka ngati utuchi">
```

Chithunzi chomwecho chikanakhala pa tsamba lonena za ogwira ntchito m'gululi, mawu akanakhala ena, otchula mlangizi ndi ntchito yake. Ichi n'chifukwa chake ndi bwino kupatsa makina mutu wa nkhani ndi ndime yoyandikana ndi chithunzi asanalembe. Zotuluka zimakhala zabwinoko, komabe zimafuna diso la munthu.

Pali zithunzi zina zimene makina amazifotokoza pomwe sizikufunika kufotokoza. Kamzere kapena kaduwa kongokometsera tsamba kakhale ndi `alt=""`, kutanthauza kuti pulogalamu ikadumphe. Izi n'zosiyana ndi kusiyiratu `alt`, chifukwa kusiyako ndi kumene kumachititsa kuti dzina la failo liwerengedwe. Chithunzi chimene munthu amadina kuti chichite kanthu chitchulidwe ndi ntchito yake: kagalasi kokuzira zinthu kalembedwe "Fufuzani", osati "galasi la chogwirira chakuda". Tchati cha mitengo ya fetereza chimafuna chiganizo chimodzi chonena mfundo yaikulu, ndipo manambala onse alembedwe m'nkhani momwemo, atafananizidwa ndi gwero lake, popeza makina amawawerenga molakwika mosavuta.

Chilankhulo nachonso chionedwe. Makina ambiri amalemba bwino Chingerezi kusiyana ndi Chichewa, ndipo tsamba la Chichewa likufunika mawu a Chichewa amene mwini chilankhulo wawakonza.

Pomaliza, yatsani TalkBack kapena NVDA, mumvetsere tsamba lonse osayang'ana pa sikirini. Pamene chiganizo chatalika mpaka kutopetsa, pamene chikubwereza mawu olembedwa kale pansi pa chithunzi, kapena pamene mwamva mawu koma simunamve mfundo, pamenepo ndi pofunika kulembanso. Ngati pali munthu wosaona amene amagwiritsa ntchito mapulogalamuwa tsiku ndi tsiku, mupempheni ayese tsambalo ndipo mumulipire pa ntchito yakeyo, chifukwa iye amamva zolakwika zimene woona sangazizindikire.