Kupeza sayini ndi pensulo: zigawo zingati zimakwanira?

Sayini ndi nambala imene imauza munthu kutalika kwa pamene chinthu chopendekeka chafika. Thabwa la mamita 5 likatsamira pakhoma n'kupanga ngodya ndi nthaka, kutalika kwa pamene nsonga yake yagunda khoma kumapezeka pochulukitsa 5 ndi sayini wa ngodyayo. Pa madigiri 30 sayini ndi theka ndendende, choncho nsonga imagunda khoma pa mamita 2.5. Ngodya zochepa zokha ndizo zili ndi sayini wosavuta chonchi. Pa zina zonse anthu amadalira kakuleta kapena matebulo a masamu, ndipo ambiri sadzifunsa kuti manambala a m'matebulowo anachokera kuti. Njira imodzi yowapezera imangofuna kuphatikiza, kuchotsera, kuchulukitsa ndi kugawa, ndipo imagwira bwino kwambiri ngodya ikakhala pafupi ndi ziro.

Njirayo ndi mndandanda wa zigawo zosatha, ndipo imalembedwa motere:

sin x = x − x³/6 + x⁵/120 − x⁷/5040 + x⁹/362880 − …

Chizindikiro x³ chikutanthauza x kuchulukitsa ndi x kuchulukitsanso ndi x, ndipo x⁵ ndi ma x asanu ochulukitsana. Manambala a pansi sanangotoledwa. Nambala 6 ndi 1 × 2 × 3, nambala 120 ndi 1 × 2 × 3 × 4 × 5, ndipo 5040 imabwera munthu akapitiriza kuchulukitsa mpaka pa 7. Akatswiri amalemba manambalawa mwachidule kuti 3!, 5! ndi 7!. Zizindikiro zimasinthana: kuchotsera, kuphatikiza, kuchotseranso. Mulibe x² kapena x⁴, chifukwa ngodya ikatembenuzidwa kukhala −x sayini nayenso amatembenuka kukhala −sin x, ndipo khalidwe limeneli lili ndi x, x³, x⁵ ndi anzawo okha.

Mndandandawu unadziwika koyamba ku Kerala, kumwera kwa India, kumene ophunzira a m'mibadwo yotsatira ankati anaupeza ndi Madhava wa ku Sangamagrama, amene anakhalako cha m'ma 1400. Ku Ulaya Isaac Newton anaupeza payekha m'zaka za m'ma 1660. Brook Taylor anasindikiza mu 1715 lamulo lopangira mindandanda yotere, ndipo Colin Maclaurin anaigwiritsa ntchito kwambiri m'buku lake la mu 1742, n'chifukwa chake mabuku a sukulu amautchula ndi maina a anthu awiriwa.

Pali chinthu chimodzi chofunika kuchikonza munthu asanalembe nambala iliyonse: x ayenera kukhala m'maradiyani osati m'madigiri. Radiyani imayeza ngodya ndi utali wa mzere wokhota wa m'mphepete mwa bwalo, pa bwalo limene kuchokera pakati kufika m'mphepete ndi 1. Madigiri 180 ndi maradiyani π, pafupifupi 3.141593, kotero madigiri amasandutsidwa powachulukitsa ndi π n'kugawa ndi 180. Woiwala zimenezi amadziwikira pa yankho lake. Akaika 30 m'malo mwa x, zigawo ziwiri zoyamba zimampatsa 30 − 4500, chonsecho sayini sapitirira 1 ndipo satsika kupyola −1.

Radiyani imafotokozanso chifukwa chimene chigawo choyamba chili x yekha. Ngodya ikakhala yaing'ono, mzere wokhota wa m'mphepete mwa bwalo ndi mzere woongoka wotsika kuchokera pansonga pake zimatsala pang'ono kulingana. Wokhotawo ndiye x, woongokawo ndiye sin x. Wokhota nthawi zonse amatalikirapo pang'ono, ndiye chifukwa chake chigawo chachiwiri ndi chochotsera. Koma x³/6 amachotsa mopitirira pang'ono, ndipo chigawo chachitatu chimabweza zina. Nachonso chimabweza mopitirira, chachinayi n'kudzachotsako. Zili ngati wogulitsa shuga pasikelo amene amathira, n'kutapako, n'kuonjezera pang'ono, ndipo ulendo uliwonse dzanja lake limatenga zochepa kuposa poyamba.

Ngodya ya madigiri 30 ndi yabwino kuyeserapo, popeza yankho lake, 0.5, likudziwika kale. M'maradiyani ndi π/6, kapena kuti x = 0.523599. Chigawo choyamba chokha chikupereka 0.523599, kupitirira yankho ndi pafupifupi 0.0236. Pa thabwa la mamita 5 lija, nsonga ingaoneke ngati ili pa mamita 2.618 m'malo mwa 2.5, kuphonya ndi masentimita pafupifupi 12, ndipo mmisiri aliyense angaone ndi maso kuti china chalakwika.

Kuti chigawo chachiwiri chipezeke, x amachulukitsidwa ndi iye yekha, kupereka x² = 0.274156. Nambala imeneyi ndi yofunika kuisunga pambali, chifukwa chigawo chilichonse chatsopano chimapangidwa kuchokera ku chinzake chapitacho: kuchichulukitsa ndi x², kenako kugawa ndi manambala awiri otsatira. Choncho 0.523599 kuchulukitsa ndi 0.274156, kugawa ndi 2 × 3, ndi 0.023925. Pochotsa nambalayi pa chigawo choyamba patsala 0.499674. Tsopano yankho laperewera ndi 0.000326, ndipo pa thabwa lija kuphonyako sikufika mamilimita awiri. Chigawo chachitatu ndi 0.023925 kuchulukitsa ndi 0.274156, kugawa ndi 4 × 5, ndipo ndi 0.000328. Pochiphatikiza pamabwera 0.500002. Chachinayi ndi 0.000002 chabe, ndipo chikachotsedwa yankho limakhala 0.500000 pa manambala asanu ndi limodzi a pambuyo pa kadontho.

M'manambalawa muli chinthu chimene chimayankha funso lonse la kuchuluka kwa zigawo. Pamene panali chigawo chimodzi, kuphonya kunali 0.0236 ndipo chigawo chosiyidwa chinali 0.0239. Pamene panali ziwiri, kuphonya kunali 0.000326 ndipo chosiyidwa chinali 0.000328. Kuphonya kumachepera pang'ono chigawo choyamba mwa zimene zasiyidwa. Izi sizinangochitika mwamwayi. Zizindikiro zikamasinthana ndipo zigawo zikamacheperachepera kulowera ku ziro, yankho lenileni limakhala pakati pa mayankho awiri aliwonse otsatizana: apa 0.5 ali pakati pa 0.523599 ndi 0.499674, alinso pakati pa 0.499674 ndi 0.500002. Mtunda wa pakati pa mayankho awiri otere ndiwo kukula kwa chigawo chotsatira, choncho kuphonya sikungachipose. Mfundo imeneyi imayendera dzina la Gottfried Leibniz.

Ubwino wa lamuloli ndi wakuti silifuna kuti munthu adziwe yankho lenileni. Amayamba wasankha kuphonya kumene ntchito yake ingalole, kenako amawerengera zigawo mpaka atapeza chimene chachepera malirewo, n'kuima asanachiphatikize. Wofuna kuti kuphonya kusafike 0.001 pa madigiri 30 amaima pa zigawo ziwiri, chifukwa chachitatu ndi 0.000328. Wofuna kuti kusafike 0.00001 amafunika zitatu. Kuonjezera zigawo kupyola pamenepo n'kutaya nthawi, makamaka ngati ngodyayo inayezedwa ndi chipangizo cha m'bokosi la masamu la kusukulu, chimene chikhoza kuphonya ndi theka la digiri. Pa madigiri 30, theka la digiri limasintha sayini ndi pafupifupi 0.0076, nambala yoposa chigawo chachitatu maulendo opitirira 20.

Ngodya zazing'ono zimakhutira ndi chigawo chimodzi. Madigiri 10 ndi maradiyani 0.174533, ndipo sayini wake ndi 0.173648. Kusiyana kwake ndi 0.000885, komwe pa thabwa la mamita 5 ndi mamilimita 4 ndi pang'ono. Popeza kuphonya kumayendera x³/6, ngodya ikachepetsedwa ndi theka kuphonya kumachepa kasanu ndi katatu: pa madigiri 5 ndi 0.00011 yokha. Poyerekeza ndi sayini mwini wake, kuphonyako ndi pafupifupi x²/6, ndipo kumafika 1 peresenti cha pa madigiri 14. Apa ndi pamene pagona lamulo la pendulamu limene ophunzira sayansi amakumana nalo ku sekondale, lakuti nthawi imene kamwala kolendewera pa chingwe kamatenga popita ndi kubwera sidalira kukula kwa kugwedezeka. Lamulolo linapangidwa poika x m'malo mwa sin x, ndipo n'chifukwa chake aphunzitsi amaumirira kuti chingwe chisakokedwere kutali.

Kutali ndi ziro ntchito imakula. Pa madigiri 90, pamene x = 1.570796 ndipo yankho ndi 1, mayankho amayenda motere: 1.570796, kenako 0.924832, kenako 1.004525, kenako 0.999843, ndipo pa chigawo chachisanu 1.000004. Kulondola kumene zigawo zitatu zinapereka pa madigiri 30 kukufuna zisanu pano. Chifukwa chake ndi chakuti x akaposa 1, kumuchulukitsa ndi iye yekha kumamukuza, ndipo zigawo zimachepa pokhapokha chifukwa manambala a pansi amakula mofulumira kuposa a pamwamba.

Manambala a pansiwo amapambana pamapeto pake pa x aliyense, kotero mndandandawu ndi woona pa ngodya zonse. Koma kukhala woona n'kosiyana ndi kukhala wothandiza. Pa x = 10 zigawo zimayamba ndi 10, kenako 166.67, 833.33, 1984.13 mpaka 2755.73 zisanayambe kutsika, pamene yankho ndi −0.544 basi. Yankho laling'ono chonchi limatsala manambala akuluakulu atachotserana, ndipo kudula kulikonse kwa manambala a pambuyo pa kadontho m'zigawo zikuluzikuluzo kumakathera m'yankho. Vutoli limagwera makompyutanso, popeza nawo amasunga manambala owerengeka okha. Chizindikiro chake chimaoneka msanga: chigawo chachiwiri chikaposa choyamba, zimene zimachitika x² akaposa 6, ndi bwino kuima n'kuyamba kaye kuchepetsa ngodya.

Kuchepetsako n'kotheka chifukwa sayini amabwerezabwereza. Kuchotsa 2π pa ngodya sikusintha sayini, ndipo kuchotsa π kumangotembenuza chizindikiro chake. Pochotsa 3π, yomwe ndi 9.424778, pa 10 patsala 0.575222, choncho sin 10 = −sin 0.575222. Pa nambala yaing'onoyi zigawo ndi 0.575222, 0.031722 ndi 0.000525, ndipo zitatuzi zikupereka 0.544025. Chigawo chachinayi ndi 0.000004, kutanthauza kuti yankho la −0.5440 ndi lodalirika pa manambala anayi onsewo.

Ngodya ikhoza kuchepetsedwa koposa apa. Popeza sin(π − x) = sin x, ngodya iliyonse imabwezedwa pakati pa 0 ndi madigiri 90, ndipo yoposa madigiri 45 imasinthidwa kukhala kosayini wa ngodya yotsala kuti ikwane 90, amene ali ndi mndandanda wake: cos x = 1 − x²/2 + x⁴/24 − … Akatero, x saposanso π/4, kapena kuti 0.785398. Pa malire amenewo chigawo chachinayi cha sayini ndi 0.000037 ndipo chachisanu ndi 0.0000003, kotero pa ngodya iliyonse ya pakati pa 0 ndi madigiri 45 zigawo zitatu zimaphonya ndi nambala yosafika 0.00004, ndipo zinayi zimaphonya ndi nambala yosafika 0.0000004.