Nyemba zosapsa: vuto si moto wokha

Mphika wakhala pa mbaula kuyambira m'mawa, makala athiridwa kawiri, koma nyemba zikadali gwa. Ambiri amaloza chala mchere kuti wathiridwa msanga. Kawirikawiri mchere ulibe mlandu. Vuto limachokera pa mmene nyembazo zasungidwira, madzi ophikira, ndi nthawi yothira tomato.

Mkati mwa nyemba muli timaselo tambirimbiri tomatidwa ndi ulimbo wachilengedwe wotchedwa pekitini, monga mmene dothi limagwirira njerwa pakhoma. Nyemba imapsa ulimbowu ukasungunuka, timaselo n'kulekana, ufa wamkati n'kumwa madzi. Chilichonse cholimbitsa pekitini chimachedwetsa ndiwo, ndipo zomulimbitsa kwambiri ndi michere iwiri, kashiamu ndi maginiziyamu.

M'nyemba yatsopano michereyi imakhala yomangidwa, yosafika pa pekitini. Koma nyemba ikakhala miyezi yambiri pamalo otentha ndi achinyezi, imamasuka n'kukagwira ulimbo uja, ndipo madzi owira amalephera kuusungunula. N'chifukwa chake nyemba zokololedwa mu Epulo zimapsa mosavuta mu Juni, pomwe za m'thumba lomwelo zimavuta pofika Januwale, makamaka kumadera otentha ngati Nsanje ndi Salima. Mudzazizindikira chifukwa zimafufuma bwinobwino m'madzi, koma mukaziphika mkati mumakhalabe lakatalakata ngati mchenga, ndipo khungu lake limakhala loderako.

Madzi nawo amabweretsa michere yomweyi. A m'mijigo ina amakhala ndi kashiamu wochuluka, ndipo chizindikiro chake n'chakuti sopo sachita thovu msanga komanso m'ketulo mumatsala zoyera zokakamira. Tomato amalimbitsanso pekitini chifukwa cha kuwawasa kwake, motero kumuthira nyemba zisanafewe ndi kuwonjezera nthawi yophika ndi manja anu.

Kuviika kumathandiza chifukwa madzi salowa paliponse mu nyemba youma. Poyamba amalowera pa kamchombo kake, pang'onopang'ono. Mukaiika pamoto ili youma, kunja kumayamba kupsa mkati musanafike madzi. Yoviikidwa usiku wonse imalemera pafupifupi kawiri, ndipo kutentha kumaigwira mofanana mpaka pakati. Zina zouma kwambiri khungu lake limakana madzi. Zimenezi mudzazipeza m'mawa zikadali zazing'ono pakati pa zinzake zofufuma, ndipo ndi bwino kuzisankha.

Nanga mchere? Sodiyamu wa mu mchere wathu wa kukhitchini amalanda malo a kashiamu ndi maginiziyamu pa pekitini, koma iye samanga zolimba. Choncho nyemba zoviikidwa m'madzi amchere khungu lake limafewa msanga ndipo siziphulika chisawawa.

Tiyerekeze muli ndi theka la kilogalamu ya nyemba za Napilira zokhalitsa, ndipo madzi anu ndi a pamjigo. Madzulo sungunulani masupuni awiri aakulu a mchere, osasefukira, m'malita 2 a madzi, n'kuviikamo nyembazo maola 8 mpaka 12. Nyengo yotentha musapitirize apo, chifukwa zimayamba kusasa ndipo kusasako kumazilimbitsanso. M'mawa tayani madziwo, tsukani nyemba, thirani madzi ena. Ziwire mwamphamvu mphindi zosachepera 10, chifukwa nyemba, makamaka zofiira, zili ndi chinthu chopweteka m'mimba chimene chimafa ndi kuwira kwenikweni. Kenako chepetsani moto n'kuvundikira, ndipo madzi akaphwa onjezerani otentha kuti mphika usaleke kuwira. Zatsopano zoviikidwa zimapsa pafupifupi mu ola limodzi, zokhalitsazi zimafuna nthawi yoposerapo. Tomato alowe pokhapokha nyemba itaphwanyika yonse mukaifinya pakati pa zala. Lawani musanathire mchere wina, poti wina walowa kale.

Zikakanikabe, soda kapena chidulo amasungunula pekitini mofulumira kuposa mchere. Kotala ya supuni yaing'ono ya soda ndi yokwanira mphika wotere. Mukachulutsa, ndiwo zimamveka sopo, nyemba zimasanduka phala, ndipo vitamini B1 amawonongeka.

Njirazi zili ndi malire ake. Nyemba zimene zagona chaka chathunthu m'chinyezi sizibwereranso mwakale, mchere ndi soda zimangochepetsako vutolo. Kwa okhala kumtunda ngati ku Dedza, madzi amawira pa madigiri pafupifupi 95 m'malo mwa 100, choncho nyemba zomwezo zimachedwerapo. Chachikulu chili pa kasungidwe: yanikani nyemba mpaka iziswekera pa dzino, ziikeni m'chotengera chotseka bwino, pamalo ozizira, osati pansi penipeni kapena pafupi ndi malata. Pogula pamsika funsani kuti ndi za chaka chiti, ndipo musasakanize zakale ndi zatsopano mumphika umodzi, chifukwa zina zidzaphwanyika zinzake zisanapse.