Nthabwala, Ukatswiri Kapena Chifundo: Kusankha Liwu la Karuselo

Aliyense amene amayenda pa Instagram kapena Facebook anakumanapo ndi zithunzi zondondozana zimene munthu amakankha ndi chala kuti aone chotsatira. Otsatsa malonda amazitcha karuselo. Instagram inayambitsa njirayi mu 2017, ikulola zithunzi 10 pa uthenga umodzi, ndipo mu 2024 inakweza chiwerengerocho kufika pa 20. Tsamba lililonse limanyamula mawu ochepa, ndipo pamapeto pake wowerenga amasankha kupitirira kapena kuchoka. Chimene chimamugwira nthawi zambiri ndi liwu la mawuwo: kodi akumuseketsa, akumulangiza ngati katswiri, kapena akumulankhula mwachifundo?

Olemba ambiri amayamba ndi kudzifunsa kuti kampani yawo imalankhula bwanji. Funso limenelo ndi labwino, koma pali lina lofunika kuliyankha poyamba: munthu amene akuwerengayu ali mumtima wotani pa nthawiyi? Kampani ya ku America yotumiza makalata a malonda, Mailchimp, imasiyanitsa zinthu ziwirizi m'buku lake la kalembedwe. Liwu la kampani silisintha, koma kamvekedwe kake kamasintha malinga ndi mmene wowerenga akumvera. Zili ngati mayi mmodzi yemweyo amene amalankhula mosiyana pa chinkhoswe ndi pa siwa, komabe aliyense amazindikira kuti ndi iye.

Tiyerekeze kampani yotumiza ndalama pafoni imene ikufuna kuchenjeza anthu za akathyali oimba foni n'kumapempha nambala yachinsinsi. Mfundo ndi imodzi: nambalayo isaperekedwe kwa wina aliyense. Koma uthengawu ukhoza kupita kwa magulu atatu a anthu, ndipo gulu lililonse likufuna karuselo yakeyake ya masamba asanu ndi limodzi.

Gulu loyamba ndi makasitomala onse, kuphatikizapo amalonda apamsika amene mpamba wawo wonse uli mufoni. Awa akufuna liwu la katswiri. Tsamba loyamba linganene kuti: "Ogwira ntchito athu sadzakufunsani nambala yanu yachinsinsi." Lachiwiri lifotokoze mmene wakuba amayambira, monga kunama kuti watumiza ndalama molakwika ndipo akufuna zibwezedwe. Lachitatu ndi lachinayi apereke chochita chimodzichimodzi: dulani foni, kenako onani nokha ndalama zimene zatsala mu akaunti. Lachisanu lipereke nambala yeniyeni yodandaulirapo, ndipo lomaliza libwereze lamulo lija. Ukatswiri sutanthauza mawu akuluakulu. Umamveka m'ziganizo zazifupi, m'ndondomeko yolunjika, ndi m'kusowa kwa mawu okayikira monga "mwina" kapena "zikuoneka ngati". Ndi kalembedwe kamene bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linagwiritsa ntchito mu 2020 pa timakadi totsutsa mphekesera za mliri wa korona: khadi limodzi, nkhani imodzi, yankho lomveka.

Gulu lachiwiri ndi la anthu amene aberedwa kale. Munthu wotere ali ndi manyazi, ndipo mwina sanauze ngakhale akunyumba kwake. Tsamba loyamba lija, ngakhale ndi loona, kwa iye lingamveke ngati chidzudzulo. Apa mawu ayambe ndi kumupepesa: "Ngati mwaberedwa, pepani. Akubawa amapusitsa ndi anthu ochenjera omwe." Masamba otsatirawo amugwire dzanja: sinthani nambala yachinsinsi lero, sungani mauthenga onse amene munalandira, kanenani kwa ife ndi kupolisi. Chifundo chenicheni chimaoneka pa thandizo limene laperekedwa. Karuselo yodzaza ndi timitima ndi mawu akuti "timakukondani", koma yosanena kumene munthu angapite, imangowonjezera mkwiyo.

Gulu lachitatu ndi achinyamata, monga ophunzira a m'makoleji, amene chenjezo louma amangolidumpha. Kwa awa nthabwala imagwira ntchito, malinga ngati yalunjika pa wakuba osati pa woberedwa. Masamba anayi oyamba akhoza kukhala kasewero ka mauthenga: wakuba akudzitcha bwana wa ku likulu, mnyamata akumufunsa kuti likulu lake liti limene limaimba ndi nambala wamba, wakuba n'kuyamba chibwibwi. Koma tsamba lachisanu lisiye kuseka, linene lamulo mosapita m'mbali. Nthabwala ikafika mpaka tsamba lomaliza, anthu amakumbukira kaseweroko n'kuiwala chochita.

M'Chichewa muli chisankho china chimene chimaulula liwu pa tsamba loyamba pomwe, ndicho "iwe" ndi "inu". "Usapereke nambala yako" ndi mawu a mnzako. "Musapereke nambala yanu" ndi mawu aulemu. Sitolo ya zovala za achinyamata ikhoza kunena "iwe", ngakhale "aise", anthu osadabwa. Banki kapena chipatala chikatero, akuluakulu amaona kuti achepsedwa. Cholakwika chofala ndi kusakaniza: tsamba loyamba likuti "inu", lachitatu likuti "iwe", chifukwa masambawo analembedwa ndi anthu awiri kapena anamasuliridwa kuchokera ku Chingerezi, chimene sichisiyanitsa mawu awiriwa.

Mbiri ya kampani nayonso imaika malire. Nando's, imene inayamba ku Johannesburg mu 1987, yakhala ikuseka andale ndi nkhani za m'dziko kwa zaka zambiri, choncho anthu a ku South Africa amayembekezera nthabwala kwa iyo. Kampani ya inshuwalansi ya maliro ikanalemba mawu omwewo, anthu akanaipidwa. Komabe ngakhale Nando's inapsapo zala. Mu 2011 inachotsa malonda ake a pa wailesi yakanema oonetsa munthu wofanana ndi Robert Mugabe ali yekhayekha pa tebulo la Khirisimasi, akukumbukira olamulira ankhanza anzake amene anamwalira. Inawachotsa antchito ake ku Zimbabwe ataopsezedwa. Zimene zinaseketsa anthu ku Johannesburg zinaika ena pa ngozi ku Harare. Karuselo imawoloka malire mosavuta kuposa pamenepo, ndipo tsamba limodzi likhoza kujambulidwa n'kumazungulira pa WhatsApp popanda anzake olifotokozera.

Wolemba ali ndi njira zoyesera ntchito yake isanatuluke. Yoyamba ndi kuwerenga masamba onse mokweza, motsatizana, ngati akulankhula ndi munthu mmodzi wa m'gulu lija; pamene lilime likukana, pamenepo liwu lasintha. Yachiwiri ndi kubisa chizindikiro cha kampani n'kufunsa mnzake ngati angazindikire mwini mawuwo. Yachitatu ndi kuona tsamba lililonse palokha, makamaka lachiwiri, chifukwa Instagram nthawi zina imaonetsanso karuselo kwa munthu amene sanakankhe, ikuyambira pa tsamba lachiwirilo.

Uthenga ukatuluka, zizindikiro zimabwera zokha. Ngati anthu akuseka ndi kutumizirana koma akufunsabe zimene tsamba lachisanu layankha kale, nthabwala yaphimba mfundo. Ngati akuyankha mokwiya kuti "mukutiseka", ndiye kuti yalunjika pa munthu wolakwika. Karuselo ya ukatswiri imadziwika ndi kuchuluka kwa anthu amene adina `Save` kuti adzaionenso, pomwe ya chifundo imadziwika ndi mauthenga amseri ochokera kwa anthu ofuna thandizo.

Kwa kampani yathu yoyerekezayi, karuselo yoyenera kutuluka poyamba ndi ya ukatswiri, popeza ikufika kwa aliyense ndipo siinyoza wina. Ya chifundo ituluke pamene madandaulo achuluka. Ya nthabwala idikire sabata imene sikunamveke za anthu ambiri oberedwa.