Kodi mumadziwa? Alikini amene amachuluka alikoholo akataya madzi

Alikoholo akatenthetsedwa pamodzi ndi asidi wamphamvu monga H2SO4 amataya madzi. OH amachoka pa kaboni wake, H n'kuchoka pa kaboni woyandikana naye, ndipo pakati pa awiriwo pamapangika C=C.

Mu CH3CH(OH)CH2CH3 makaboni oyandikana ndi kaboni wa OH alipo awiri. H akachoka pa CH3 wakumapeto pamatuluka CH2=CHCH2CH3, koma akachoka pa CH2 pamatuluka CH3CH=CHCH3. Alikini wachiwiriyu ndiye amachuluka, chifukwa C=C yake yalumikizana ndi magulu awiri a kaboni, pomwe ya woyambayo ili ndi limodzi lokha. Maguluwa akachuluka, alikini amakhala wokhazikika kwambiri, n'chifukwa chake poneneratu chotuluka amangowawerenga. Lamuloli analifotokoza Alexander Zaitsev wa ku Russia mu 1875.