Imelo imodzi, zinenero ziwiri: poitanitsa katundu wodzera ku Beira

Katundu wambiri wobwera m'Malawi amatsikira pa madoko a Beira ndi Nacala ku Mozambiki, kumene ntchito za m'maofesi zimayenda m'Chipwitikizi. Choncho wamalonda wa ku Lilongwe woitanitsa katundu ku Dubai amalemba imelo ya Chingerezi kwa wogulitsa, kenaka n'kukonza ina ya Chipwitikizi yopita kwa mnzake wa ku Beira amene adzaombole katunduyo pa doko. Makalata awiriwa akasiyana ngakhale pa nambala imodzi, kontena imakhala pa doko masiku ambiri, ndipo tsiku lililonse lopitirira limalipiridwa.

Tiyerekeze kuti mukuitanitsa matumba 500 a feteleza a makilogalamu 50, pa mtengo wa madola 18.50 thumba limodzi. Amenewo ndi matani 25, ndipo ndalama yonse ndi madola 9,250.

Ntchito yaikulu ili pa kalata yoyamba ija. Ambirife tinaphunzira kusukulu Chingerezi cha maluwa, cha ziganizo zazitali zodzaza ndi ulemu, koma chimenecho chimavuta pomasulira. Lembani chiganizo chimodzi, mfundo imodzi. Mukapereka moni, ikani manambala pa mfundo zanu: yoyamba dzina la katundu, yachiwiri kuchuluka kwake, yachitatu mtengo, yachinayi kofikira, yachisanu tsiku. Kalata ya Chipwitikizi idzatsata manambala omwewo, kotero kuti mukamalankhulana pa foni n'kutchula mfundo yachitatu, nonse mukuyang'ana chinthu chimodzi.

Pewaninso mawu osamveka bwino. Pali liwu limodzi limene lagwetsa anthu ambiri. Mukalemba kuti "we will eventually need a second container", mukutanthauza kuti kontena yachiwiri idzafunika ndithu, kungoti m'tsogolo. Womasulira wothamanga amangoika "eventualmente" chifukwa mawuwa amafanana pamaso, chonsecho m'Chipwitikizi liwuli limatanthauza kuti mwina, zikatheka. Mnzanu wa ku Beira sadzakonzekera kontena imene wauzidwa kuti mwina ibwera. Tchulani mwezi weniweni, vuto latha.

Koma pamene pamandidetsa nkhawa kwambiri ndi pa manambala, chifukwa munthu amaganiza kuti nambala siifunika kumasulira. M'Chingerezi kadontho ndi kamene kamasiyanitsa madola ndi masenti, ndipo mpatuliro umagawa masauzande. M'Chipwitikizi zimatembenuka. Onani mzere womwewo m'makalata onse awiri:

```
3. Total: USD 9,250.00 CIF Beira (Incoterms 2020)
3. Total: USD 9 250,00 CIF Beira (Incoterms 2020)
```

Mukasiya makilogalamu 25,000 momwe alili m'kalata ya Chipwitikizi, wowerenga akhoza kuona makilogalamu 25 okha. Nayenso akakuyankhani kuti 1.500, akunena 1,500, osati imodzi ndi theka. Njira yabwino ndi kusiya mpata pa masauzande m'Chipwitikizimo, ndi kulemba ndalama yonse m'mawu pambali pake monga timachitira pa cheke. Tsiku nalo lilembedwe ndi dzina la mwezi, pakuti 03/04 kwa ife ndi pa 3 Epulo, pamene wozolowera kalembedwe ka ku Amereka amawerenga kuti pa 4 Malichi.

Mwaona kuti CIF Beira sinasinthe m'mizere iwiri ija. Zilembo zitatuzi ndi za malamulo a malonda a pakati pa mayiko otchedwa Incoterms, ndipo sizimasuliridwa m'chinenero chilichonse. Zikutanthauza kuti wogulitsa alipira sitima ndi inshuwalansi mpaka pa doko la Beira. Zolipira poombola katundu, thiraki yobwera naye ku Lilongwe ndi msonkho wa pa chipata ndi zanu. Mukayesa kufotokoza zimenezi ndi mawu anuanu, monga akuti katundu adzafika atalipiridwa, mnzanu akhoza kuganiza kuti palibe choti akonzekere kulipira. Dzina la katundu, nambala ya invoisi ndi nambala ya kontena nazonso zikopedwe chilembo ndi chilembo, chifukwa ziyenera kufanana ndi zimene zili pa mapepala a sitima.

Musanatumize, ikani makalata awiriwo pambali ndi pambali, muwerenge manambala okha mokweza mawu. Kenaka pezani wodziwa Chipwitikizi amene sanaone kalata ya Chingerezi, akuuzeni m'Chichewa zimene wamva. Akanena kuti kontena yachiwiri mwina ibwera, mwaugwira mlandu usanakule. Wogulitsa akasintha mtengo mawa, yambani mwakonza ya Chingerezi, kenaka inayo tsiku lomwelo.

Pamwamba pa kalata ya Chipwitikizi lembani kuti ndi yomasuliridwa, ndiponso kuti pakabuka kusiyana, ya Chingerezi ndi imene idzatsatidwe. Mnzanuyo mumutumizire zonse ziwiri m'imelo imodzi.